Kalata Yoperekeza Ntchito Yomasulira Yokonzedwa

Mkulu wa bungwe akatsekula chikalata chomwe wokonza zomasulira wabweza, n'kupeza tsamba lonse lili psuu ndi mizere yofiira, mtima umamuthawa. Amaganiza kuti ndalama zapita pachabe. N'chifukwa chake wokonza wodziwa ntchito sabweza chikalata chili chokhachokha, amachiperekeza ndi kalata yosapitirira tsamba limodzi.

Tiyerekeze kuti ntchitoyo ndi kapepala kophunzitsa za malungo, kochokera m'Chingerezi. Kalatayo imayamba ndi chigamulo: kapepalaka kangasindikizidwe, koma pokhapokha zokonzazo zitavomerezedwa. Kenako imafotokoza mizere ija. Mu Microsoft Word, Track Changes imadula mzere pa mawu ochotsedwa ndi kuika mzere kunsi kwa mawu owonjezedwa. Pa Review, mwini ntchito amasankha Accept kapena Reject pa chosintha chilichonse. Apa wokonza amachenjeza kuti No Markup imangobisa zosinthazo, sizichotsa, ndipo wina akatsekula chikalatacho angazionenso zonse. Choncho amatumiza zikalata ziwiri, chamizere ndi choyera.

Mtima wa kalatayo uli pa mitundu ya zolakwa, ndipo choopsa kwambiri chimakhala patsogolo. Mankhwala a LA amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu. Womasulira wotopa akalemba kuti "katatu pa tsiku kwa masiku awiri", chiganizo chimamveka bwinobwino, kuchuluka kwa mankhwala n'komweko, koma wodwala amwa molakwika. Cholakwa chotere sichisiyidwa kuti mwini ntchito achipeze yekha pakati pa mizere yambirimbiri. Wokonza amatchula tsamba ndi ndime, n'kunena mosapita m'mbali kuti ichi chisakanidwe.

Pali china chomwe chimabwerezeka kwambiri, kutsatira Chingerezi liwu ndi liwu. Kapepala kakamati "tengani mankhwala", mayi wakumudzi amamva zonyamula, pomwe uthenga unali woti amwe. Wokonza amapereka chitsanzo chimodzi chokha, n'kunena kuti malo ena onse otere wawakonza chimodzimodzi. Amachitanso zomwezo pomwe kapepala kayamba ndi "inu" n'kutsetserekera ku "iwe", ngati kakulankhula ndi mwana.

Za kalembedwe, monga kulumikiza kapena kulekanitsa mawu, zimangofuna chiganizo chimodzi. Ndi zimenezi zomwe zimafiiritsa tsamba, ngakhale sizisintha tanthauzo, ndipo kalata yabwino imanena zimenezo poyera kuti womasulira woyamba asaweruzidwe ndi kuchuluka kwa mizere. Chilungamo chomwecho chimafuna kuti wokonza asiyanitse cholakwa chenicheni ndi zomwe wangosintha kuti zimveke mokoma, zomwe mwini ntchito ali ndi ufulu wozikana.

Kumapeto kumabwera mafunso omwe wokonza sangayankhe yekha. Ngati Chingerezicho sichikunena bwino msinkhu wa mwana woyenera mlingo wakutiwakuti, amaika funso m'mbali mwa tsamba pa New Comment, ndipo m'kalata amapempha kuti wazachipatala ayankhe kapepalako kasanapite kosindikiza.