Chosiyana ndi chiti? Yambani ndi kuwerenga mbali

Ana anayi a Sitandade 4 pa khonde la nyumba ina ku Makawa, kufupi ndi nyanja, anandifunsa funso la m'buku lawo la masamu. Panali zithunzi zinayi: sikweya wamkulu wakuda, rekitango woyera, sikweya wamng'ono woyera wopendekeka, ndi thirayango woyera. Chosiyana ndi chiti?

Atatu analoza sikweya wakuda, poti diso limathamangira mtundu. Koma ine ndimati mtundu ndi kukula zidikire kaye. Yambani ndi zimene sizisintha ngakhale mutatembenuza pepala kapena kulikulitsa: chiwerengero cha mbali ndi ngodya. Tinawerenga limodzi: 4, 4, 4, 3. Thirayango watsala yekha.

Nanga wakudayo? Nayenso ali yekha pa mtundu, ndipo sindinawabisire anawo kuti funso lotere lili ndi mayankho awiri. Chimene chimathetsa mkangano ndi kufunsa kuti zitatu zotsalazo zikugwirizana pa chiyani. Mukachotsa thirayango, zotsala zonse zili ndi mbali zinayi ndi ngodya zinayi za madigiri 90. Mukachotsa wakuda, zotsalazo zangofanana utoto basi. Msodzi wa ku Malembo sasiyanitsa chambo ndi kampango poyang'ana kukula kwake, amaona mamba ndi ndevu.

Mbali zikafanana ponseponse, m'pamene mumayang'ana ngati mizere ili yowongoka kapena yokhota, kenako ngati chithunzi chingapindidwe pakati mbali ziwiri n'kulingana. Sikweya wopendekeka uja amasokoneza ambiri, koma mukatembenuza bukulo pang'ono mupeza kuti ndi sikweya ndithu.