Tepi ya Telala Iposa Sikelo

Sikelo siisiyanitsa mafuta ndi minofu, n'chifukwa chake ine ndimadalira tepi ya telala. M'mawa musanadye, zungulizani tepi pamimba, pakati pa nthiti yomalizira ndi fupa la m'chiuno. Tulutsani mpweya, osakoka mimba, tepiyo ingokhudza khungu. Yezani malo omwewo milungu iwiri iliyonse, poti mimba imatupa ndi nyemba zadzulo.

Tinene kuti munayamba ndi masentimita 96, pakutha miyezi iwiri mwafika 92. Kale munkanyonyomala n'kudzuka maulendo 10 miyendo n'kunjenjemera, lero mukukwanitsa 18 mukutsika mofanana ndi kale. Zikuyenda, ngakhale sikelo isasunthe.

Chitenje musachikhulupirire, chimamangika paliponse. Funsani bowo la lamba.