Siyani Lendi ya Seva, Koma Dzina Musalitaye

Mlamu wanga ali ndi kampani yaing'ono yosoka mayunifolomu a sukulu. Tsiku lina madzulo anandiimbira mtima uli m'mwamba. Kampani yakunja imene imasunga webusaiti yake inali itamutumizira uthenga wakuti pakapita milungu itatu idula madola 180 pa kadi yake ya ku banki. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bilu ya madola sinalinso yoseweretsa, ndipo ngakhale ndalamayo ikhalepo, madola ake ku banki sapezeka chisawawa. “Alamu, mungondidinira pamene alemba kuti Cancel paja. Zonse zitsekedwe, ndatopa nazo,” anatero.

Ndinamufunsa ngati akufunanso kutaya imelo imene inalembedwa pa malisiti ake, pa chikwangwani cha pashopu ndi pa chitseko cha galimoto. Anakhala kaye chete. Iye ankaganiza kuti imeloyo ndi yake basi, ngati dzina lobatizidwa nalo.

Apa ndi pamene ambiri amagwera m'mbuna. Bilu imabwera imodzi, koma mkati mwake muli zinthu zosiyana. China ndi domeni, dzina limene anthu amalemba akafuna kukupezani, lomwenso limabwera pambuyo pa chizindikiro cha @ mu imelo yanu. China ndi hositing'i, malo a lendi pa seva pamene pamakhala mafayilo a webusaiti, ndipo kawirikawiri bokosi la imelo limakhalanso pompo. Hositing'i ili ngati nyumba ya lendi: mukhoza kusamuka, bola mwatulutsa katundu. Domeni ili ngati nambala ya foni. Mukaisiya nthawi yaitali imapatsidwa kwa wina, ndipo onse amene ankakudziwani nayo amayamba kuimbira mlendo. Pa bilu ya mlamu wanga, domeni inali ya madola osakwana 20 pa chaka. Ndalama yotsalayo inali ya hositing'i ndi tinthu tina towonjezera timene sankadziwa n'komwe kuti amalipira.

Choncho ntchito yathu inali yosiya chodulacho n'kugwiritsitsa chotchipacho.

Tinayamba ndi kufufuza kuti dzinalo lili m'manja mwa ndani. Pa lookup.icann.org mukalemba domeni yothera ndi .com, .org kapena .net, amakuonetsani kampani imene inailembetsa ndi tsiku limene ithere. Dzina la mwini wake nthawi zambiri amalibisa, ndiye pamafunika kulowa mu akaunti yeniyeniyo n'kuona. Mlamu anali ndi mwayi, chifukwa mnyamata amene anamupangira webusaiti analemba dzina la mlamuyo. Ndaonapo ena amene anazindikira mochedwa kuti domeni ya bizinesi yawo ili m'dzina la wopanga webusaiti, munthu woti anapita ku Joni kalekale ndipo nambala yake sikupezekanso. Zikatero nkhani imasanduka yopempha ndi kusonkhanitsa malisiti akale.

Mu akauntimo tinapezamo msampha wina. Imelo yolandirira mauthenga a akauntiyo inali ya pa domeni yomweyo. Taganizirani: domeni ikatha, imelo imafa, mukaiwala pasiwedi, uthenga wokuthandizani kulowa umapita ku imelo yakufayo. Kiyi mwatsekera m'nyumba. Tinasintha nthawi yomweyo n'kuikapo imelo yake ya Gmail. Chenjezo lake n'lakuti makampani ena, mukasintha dzina kapena imelo ya mwini domeni, amaitsekera masiku 60 kuti isasamutsidwe, pokhapokha mutakana zimenezo pa nthawi yosinthayo. Ndiye muziwerenga kabokosi kalikonse musanadine.

Kenako tinatulutsa katundu. Webusaiti ya mlamu inapangidwa ndi WordPress, ndipo webusaiti yotere ili ndi mbali ziwiri. Mafayilo, makamaka foda ya wp-content momwe muli zithunzi ndi kaonekedwe ka masamba, ndi mbali imodzi. Mawu onse olembedwa, mitengo ndi maina a olowa amakhala kwina, mu detabesi. Munthu akakopera mafayilo okha amanyamula chigoba. Mu cPanel muli malo olembedwa Backup, pamene tinatengapo zonse ziwiri n'kuzisunga pa laputopu ndi pa fulashi. Kusunga kopeyo pa seva yomwe mukuisiyayo n'kusungitsa mbuzi kwa fisi.

Imelo ndiyo inatidyera nthawi, ndipo ndi imene anthu amaiiwala kwambiri. Mlamu ankaona makalata ake onse pa foni, ndiye ankati ali mufonimo. Ayi ndithu. Foni yake inalumikizidwa mwa njira ya IMAP, imene imangoonetsa zimene zili pa seva, ngati galasi. Seva ikafufuta bokosi, simungadalire kuti foni isunga kanthu. Tinaika pulogalamu yaulere ya Thunderbird pa laputopu, n'kulumikiza bokosi lakalelo, kenako n'kukopera makalata onse, obwera ndi otumizidwa omwe, kupita mu Local Folders, amene amakhala pa kompyuta penipenipo. Anali makalata a zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ndi intaneti yathuyi komanso kuthimathima kwa magetsi, zinatitengera mausiku awiri. Titamaliza tinazimitsa intaneti n'kutsegula makalata angapo akale okhala ndi mainivoisi. Atatseguka, mpamene ndinakhulupirira kuti tili nawodi.

Nyumba yatsopano tinaipeza yakale tisanaisiye. Tinalipira hositing'i yotsika mtengo, n'kukwezako mafayilo ndi detabesi, n'kupanganso mabokosi a imelo a maina omwe aja, chilembo ndi chilembo. Apa mpamene munthu amalipira malo awiri kwa milungu ingapo, ndipo mlamu anadandaula. Ine ndimaona kuti pa ntchito yonseyi, ndalama imeneyi ndi imene siyenera kuumiridwa.

Chotsala chinali kuuza dziko kuti tasamuka. Domeni iliyonse ili ndi kaundula wake wotchedwa DNS, amene amalozera alendo kumene webusaiti ili ndi kumene makalata ayenera kupita. Mzere wa A umaloza ku webusaiti, mzere wa MX umaloza ku imelo. Musanakhudze chilichonse, jambulani mizere yonse monga ilili. Pa kompyuta mukhoza kufunsa motere, mutaika domeni yanu m'malo mwa example.com:

```
nslookup -type=NS example.com
nslookup -type=MX example.com
```

Lamulo loyambalo limakuuzani amene akusunga kaundula wanu. Ngati yankho likutchula kampani imene mukuisiyayo, dziwani kuti mukatseka hositing'i kaundulayo akhoza kupita nayo limodzi, ndipo webusaiti ndi imelo zidzazima ngakhale domeni ili yolipiridwa bwinobwino. Izi zimagwera ngakhale anthu amene imelo yawo ili kwa Google kapena Microsoft: bokosi lilipo, koma chikwangwani cholozera kumeneko chazulidwa. Lamulo lachiwirilo mulibwereze mutasintha, kuti muone ngati makalata ayamba kulowera kwatsopano. Musaiwale kusamutsanso mzere wa TXT woyamba ndi v=spf1, n'kuukonza kuti uzitchula seva yatsopano. Mukapanda kutero, makalata anu akhoza kuyamba kugwera mu Spam kwa makasitomala, inu osadziwa.

Domeni ya mlamu inabwera ngati bonasi ya hositing'i, yaulere chaka choyamba. Tinasankha kuisamutsira ku kampani ina kuti isamangidwenso mtolo umodzi ndi seva. Njira yake ndi yochotsa loko wa domeni, kupempha nambala yachinsinsi yotchedwa EPP code kapena Auth code, n'kukaipereka ku kampani yatsopano. Malamulo a ICANN, bungwe loyang'anira maina otere, amati kampani yakale ikupatseni nambalayo pasanathe masiku asanu. Kusamukako kumatenga pafupifupi sabata, ndipo ndalama imene mumalipira imawonjezera chaka chimodzi pa tsiku lothera. Domeni imene yangolembetsedwa kapena kusamutsidwa kumene nthawi zambiri siloledwa kusunthanso mpaka patapita masiku 60. N'chifukwa chake ntchitoyi si yoyamba kutatsala masiku atatu. Maina othera ndi .mw ali ndi malamulo awoawo. Amayang'aniridwa ndi Malawi SDNP, ndipo za kusamutsa kapena kutha kwake muzifunsa kumeneko kapena kwa amene anakulembetserani.

Nanga domeni ya .com ikatha mwangozi? Sipita kwa wina tsiku lomwelo. Makampani ambiri amapereka kanthawi, kosapitirira masiku 45 ndipo kwa ena kochepa kwambiri, koti mulipire pa mtengo wa masiku onse, ngakhale kuti webusaiti ndi imelo zimakhala zitaleka kugwira. Ikafufutidwa pamabwera masiku 30 oiwombola, koma ndi chindapusa chimene chimaposa mtengo wa domeniyo kangapo. Akatha amenewo pamatsala masiku asanu oti palibe angaikhudze, kenako imagwera pamsika. Makampani ena amaigulitsa pa okushoni isanafike n'komwe pamenepo. Woigulayo akhoza kutsegula bokosi la dzina lanu lomwe lija n'kumalandira makalata a makasitomala anu, kuphatikizapo mauthenga osinthira mapasiwedi a maakaunti amene munatsegula ndi imeloyo. Kuiwala kotere sikusankha: mu Disembala 1999 Microsoft inaiwala kulipira passport.com, anthu n'kuyamba kulephera kulowa mu Hotmail, mpaka munthu wina wapadera, Michael Chaney, anailipirira madola 35.

Batani limene mlamu ankalifuna lija tinalidina pomalizira penipeni. Ngakhale pamenepo panali mphambano. Fomu yake inafunsa ngati tikufuna Immediate kapena End of Billing Period. Yoyambayo imatseka msangamsanga, ndipo mafayilo akhoza kufufutidwa tsiku lomwelo. Yachiwiriyo imalola kuti masiku amene munalipira kale athe. Tinasankha yachiwiri. Pansi pake panalinso kabokosi kofunsa ngati domeni nayonso isalipiridwenso, kamene munthu wotopa amangokadina osawerenga. Tinazimitsa Auto-renew pa hositing'i yakale, n'kuyatsa pa domeni ku kampani yatsopano, ndipo uthenga wotsimikizira kuti tatseka tinausunga. Kungochotsa ndalama pa kadi kuti alephere kudula si kutseka. Makampani ena amapitiriza kulemba ngongole. Tsiku lothera domeni mlamu analilemba pa kalendala ya kushopu, pafupi ndi tsiku la lendi, chifukwa kadi ikatha mphamvu kapena banki ikakana kutulutsa madola, Auto-renew imalephera mwakachetechete.

Kusintha kwa DNS sikufika paliponse nthawi imodzi. Maseva ena amasunga adiresi yakale kwa maola angapo, ena mpaka tsiku limodzi kapena awiri. N'chifukwa chake ndinauza mlamu kuti sabata imeneyo azitsegula mabokosi onse awiri m'mawa uliwonse, ngakhale ankati ndikumuvutitsa. Tsiku lachiwiri, m'bokosi lakale lija, limene iye ankafuna litsekedwe madzulo omwe anandiimbira, munagwera kalata ya mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina yapulaiveti, yofunsa mtengo wa masiketi ndi malaya a ana 120.