Notisi yotuluka m'nyumba: tsiku loyendera nyumba lisasowemo

Mwezi ukamatha, malole onyamula mabedi, mbaula ndi zidebe sasowa m'misewu ya ku Kawale, Ndirande ndi Chibavi. Katundu amafika bwino ku nyumba yatsopano, koma kawirikawiri dipoziti imatsalira m'thumba la landilodi, ndipo mkangano wake umatha miyezi. Gwero lake nthawi zambiri ndi notisi yapakamwa, ija ya "bambo, ife mwezi wamawa tikusamuka", yonenedwa pampopi popanda mboni.

Kalata imatseka mpata umenewu. Wochita lendi ayambe wawerenga pepala la mgwirizano, chifukwa ndi lomwe limanena kutalika kwa notisi. Kwa olipira mwezi ndi mwezi nthawi zambiri ndi mwezi wathunthu, koma mapangano ena amafuna miyezi itatu. Wopereka notisi mochedwa angalipitsidwe lendi ya mwezi womwe sanagonemo.

Tiyerekeze mayi wa ku Kawale yemwe amalipira K150,000 pamwezi, ndipo polowa adasiya dipoziti yofanana ndi lendiyo. Akufuna kutuluka pa 31 Julayi, choncho kalata ifike kwa eninyumba Juni asanathe. Pamwamba alembe deti, dzina lake ndi nambala ya poloti, kenako mawu ochepa: "Bambo, ndikukudziwitsani kuti ndidzatuluka m'nyumba yanu pa 31 Julayi. Ndikupempha kuti pa 28 Julayi, 10 koloko m'mawa, tidzayendere limodzi nyumbayi. Ngati tsikuli silikukomerani, mundiuze lina pasanafike pa 20 Julayi." Atchulenso K150,000 ija ndi njira yomubwezera.

N'chifukwa chiyani pa 28, osati pa 31? Masiku atatuwo ndi okonzera zomwe zapezeka. Galasi la zenera likakhala losweka, mayiyo angathe kugula lina n'kuitana mmisiri pa mtengo womwe akuudziwa, m'malo modulidwa ndalama yomwe landilodi wangotchula. Katundu wamkulu akhale atachotsedwa kukhoma, ndipo kuyenderako kuchitike masana, chifukwa ming'alu ndi madontho a denga sizioneka bwino ndi tochi.

Pa tsikulo awiriwo alowe chipinda ndi chipinda: maloko, zitseko, masoketi, mipopi, thanki ya chimbudzi. Apa ndi pomwe mawu amakwera. Penti yofwifwa patatha zaka zinayi ndi kukalamba kwa nyumba, ndipo si chilungamo kumulipiritsa wochita lendi. Koma sinki yong'aluka kapena khoma lomwe ana adalembalemba ndi mlandu wake. Zithunzi zojambulidwa tsiku lolowa zimathetsa msanga nkhani zotere. Ajambulenso mita ya madzi ndi ya ESCOM, asonyeze lisiti ya bilu yomaliza, ndipo zonse zomwe agwirizana azilembe n'kusayina onse awiri.

Kalatayo ikhale pawiri. Eninyumba asayine ndi kulemba deti pa imodzi, yomwe mayiyo asunge. Akakhala kutali, chithunzi chake chitumizidwe pa WhatsApp. Makiyi aperekedwe pa 31 Julayi, wowalandira atalemba kuti walandira angati.