Inkosi Kachindamoto: mfumu yomwe idayamba ndi kulanga mafumu anzake

Pa 13 Ogasiti 2025, anthu a ku Mtakataka m'boma la Dedza adataya mfumu yawo yaikulu, Inkosi Theresa Kachindamoto, yomwe idatisiya ili ndi zaka 66. Mawailesi ndi manyuzipepala adalira maliro ake pobwereza mfundo imodzi, yoti mayiyu adathetsa maukwati a ana oposa 3,000. Chiwerengerocho n'chachikulu ndithu, koma sichitiuza momwe ntchitoyo inkagwiridwira. Nanga munthu mmodzi angadziwe bwanji zochitika kuseri kwa nyumba iliyonse m'dera la anthu oposa 900,000?

Ufumuwo a Kachindamoto sadaulakelake. Adabadwa mu 1958, chitsirizira m'banja lachifumu la ana 12, ndipo kwa zaka 27 ankagwira ntchito ya ulembi pasukulu yophunzitsa abusa ku Zomba. Mu 2003 akuluakulu a kwawo adawaitana kuti abwerere akalowe ufumu. Atafika adayamba kuyendera midzi, ndipo zomwe adaona zidawadula mawondo: atsikana a zaka 12 atabereka makanda kumsana, makandawo ali awoawo, pomwe amuna awo nawonso anali anyamata osakhwima. Anthu am'mudzi sankaonapo chachilendo. Iwo, pokhala adakhalitsa kunja kwa mudzi, adaona kuti zinthu zalakwika.

Nzeru yawo yaikulu inali kudziwa pomwe ukwati wakumudzi umamangidwira. Ukwati wotere sulembetsedwa kwa bwanamkubwa wa boma kapena kutchalitchi. Umamangidwa ndi ankhoswe a mbali ziwiri, makolo atavomera, ndipo nyakwawa yam'mudzimo siingalephere kumva. Choncho m'malo mothamangitsana ndi kholo lililonse, Inkosi idaitana mafumu ake okwana 50 ndi kuwasainitsa pangano loti m'midzi mwawo simudzakhalanso ukwati wa mwana wosakwana zaka 18, komanso kuti maukwati otere omwe analipo kale athetsedwe. Adakhalanso pansi ndi atsogoleri a mipingo, mabungwe ndi makomiti a m'midzi, mpaka adakhazikitsa malamulo a m'deralo oletsa mchitidwewu.

Kusaina pepala n'kosavuta, mafumu ambiri m'dziko muno adasainapo mapangano otere. Chomwe chidasiyanitsa a Kachindamoto n'choti mafumu anayi ataswa panganolo, iwo adawaimitsa paudindo. Adawabwezera pokhapokha atathetsa maukwatiwo, ndiponso Inkosi itatsimikiza yokha kuti anawo abwereradi kusukulu. Kuyambira pamenepo nyakwawa iliyonse idadziwa kuti ikatseka maso, chipewa chaufumu chomwe chili pangozi n'chake.

Tiyerekeze nkhani imodzi, monga zinkachitikira kawirikawiri. Mtsikana wa zaka 14, wa Sitandade 6, wajomba kusukulu sabata ziwiri. Oyamba kuzindikira ndi aphunzitsi ndi gulu la amayi a pasukulupo. Koma Inkosi inalinso ndi amayi ndi abambo ena achinsinsi m'midzi, omwe ntchito yawo inali kutchera khutu ndi kutumiza uthenga mosadziwika, kuti asadane ndi anansi awo. Uthenga ukafika, nkhani inkapita kwa nyakwawa ndi kwa gulupu, makolo a mbali zonse ndi ankhoswe nkuitanidwa kubwalo. Kumeneko ukwati unkathetsedwa, mtsikanayo nkubwerera kwa makolo ake.

Pakadathera pomwepo, bwenzi ntchitoyo ili yachabe. Mtsikana uja mwina ali kale ndi pakati kapena khanda, ndipo umphawi womwe udachititsa makolo kumukwatitsa sudachoke pakhomopo. Akangokhala pakhomo osachita kanthu, pakutha pa miyezi ingapo abwerera kwa mwamuna yemwe uja usiku. Ichi n'chifukwa chake a Kachindamoto ankaumirira zoti khanda lisiyidwe m'manja mwa agogo ake masana, mayi wake apite m'kalasi. Boma lidali kale ndi ndondomeko yolola atsikana obereka kubwerera kusukulu kuyambira mu 1993, koma m'midzi yambiri inkangokhala papepala. Fizi ya kusekondale ikavuta, Inkosi inkapisa m'thumba mwake kapena kusaka akufuna kwabwino oti alipire. Inkaitananso amayi ophunzira, kuphatikizapo aphungu a Nyumba ya Malamulo, kuti adzayankhule ndi atsikana m'masukulu akumudzi, anawo aone ndi maso awo komwe sukulu imafikitsa munthu wamkazi.

Mu Juni 2015 zidamveka kuti athetsa maukwati 330, ndipo pofika mu 2016 chiwerengero chidakwana 850 m'zaka zitatu zokha. Tisaiwale kuti ena mwa omwe adabwezedwa kusukulu anali anyamata.

Pali mfundo ina yomwe ambiri saidziwa, yoti kwa zaka zambiri mfumuyi inkayenda patsogolo pa malamulo a dziko. Lamulo la maukwati la 2015 lidaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, koma malamulo aakulu a dziko ankalolabe mwana wa zaka 15 kukwatiwa makolo akavomera. Kholo louma mutu likadatha kunena kuti silidalakwire boma. Mpata umenewu udatsekedwa mu Febuluwale 2017, aphungu atasintha malamulo aakuluwo. Nthawi yonse yam'mbuyomo, chida cha a Kachindamoto chinali ufumu wawo basi.

Adalimbananso ndi chinthu chomwe mafumu ambiri amachiopa, miyambo ya kuchinamwali. Chinamwali chenichenicho sadachithetse ayi, adaletsa zina zomwe zinkachitika m'menemo, makamaka kusasa fumbi, komwe mtsikana wongotha msinkhu amakakamizidwa kugona ndi mwamuna. Kwa ine, apa m'pomwe padali kulimba mtima kwenikweni. Mlendo wa bungwe akadzudzula mwambo, anthu amangoti sadziwa za kwathu. Koma akanena ndi mwini mwambo, wokhala pampando wa makolo, palibe pothawira. N'zosadabwitsa kuti ena adawaopseza kuti awapha, pomwe makolo ena ankawafunsa kuti za ana a eni akulowereranji, popeza iwo adabereka ana aamuna okhaokha asanu. Sadabwerere m'mbuyo.

Dziko lakunja lidawazindikira. Mu 2017 adalandira mphotho ya utsogoleri ku Washington, m'dziko la Amereka, ndipo adayenda m'maiko ambiri kukafotokoza za ntchito yawo. Koma kuwalira moona mtima kukufuna kuti tinenenso pomwe mphamvu zawo zinkalekezera. Mfumu imathetsa ukwati wa chikhalidwe m'dera lake lokha. Banja likasamutsira mwana kwa achibale kudera la mfumu ina, kapena likabisa ukwatiwo ponena kuti mwana wangopita kukathandiza ntchito kwa azakhali, nkhani imavuta kuitsata. Ndipo mfumu siingalipirire fizi mwana aliyense. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti amayi 42 mwa 100 alionse a zaka 20 mpaka 24 adakwatiwa asadakwanitse zaka 18. Wina wa 2019 mpaka 2020 adapeza 38. Kutsika kulipo, koma n'kwapang'onopang'ono.

Inu amene muli m'komiti ya sukulu, m'gulu la amayi, mumpingo kapena m'banki m'khonde, njira yomwe mayiyu adatsata siifuna kuti mukhale Inkosi. Funsani aphunzitsi aakulu maina a atsikana omwe asiya kubwera teremu ino, mupite kwawo sabata isadathe, ndipo mukapeza kuti mwana wakwatiwa, kauzeni mfumu ndi a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Mukatero, mufunsenso kuti khanda alisamala ndani ndipo yunifolomu agula ndani.