Imelo ya mayeso omaliza: iwerengeni ndi pensulo m'manja

Semesita ikamapita kumapeto, mphunzitsi wa pa yunivesite kapena pa koleji amatumiza imelo kwa ophunzira ake onse yofotokoza za mayeso omaliza. Ambiri amangoonamo tsiku, nthawi ndi chipinda, n'kuitseka. Chonsecho mizere yomwe ailumphayo ndi imene ikunena mmene pepala lakonzedwera, zimene munthu angalowe nazo, komanso zimene zingamutulutsitse asanamalize kulemba. Amene angochoka kumene ku sekondale anazolowera mayeso a MSCE, omwe malamulo ake bungwe la MANEB limaika ofanana dziko lonse. Ku yunivesite kuli malamulo a sukulu yonse, inde, koma phunziro lililonse limakhalanso ndi zakezake, ndipo zimenezo zimabwera mu imeloyi.

Tiyerekeze kuti imelo yati mayeso ndi a maola atatu, malikisi onse ndi 100. Gawo A ndi la malikisi 40 ndipo aliyense ayankhe mafunso ake onse. Gawo B lili ndi mafunso asanu, lililonse la malikisi 20, ndipo wophunzira asankhepo atatu. Apa mphunzitsi wakuuzani kale mmene mungagawire nthawi. Maola atatu ndi mphindi 180. Chotsanipo 10 zowerengera pepala lonse poyamba, ndi zina 10 zobwerezera pomaliza, zitsala 160. Gawo A likudya magawo awiri mwa asanu a malikisi, choncho lipatseni mphindi 64. Funso lililonse la Gawo B litenge mphindi 32.

Vuto limene limagwetsa ambiri ndi kukomedwa. Munthu wapeza funso limene analikonzekera bwino, n'kulilemba ola lathunthu, masamba anayi. Funsolo silingapose malikisi 20 ngakhale alilembe mokoma chotani. Nthawi ikamuthera atayankha awiri okha mu Gawo B, ndiye kuti pepala lake lonse likuchongedwa pa 80, chifukwa malikisi 20 wawataya asanawayese n'komwe. Winanso amayankha anayi poganiza kuti wochonga asankha atatu abwino. Aphunzitsi ambiri amangochonga atatu oyambirira, lachinayi n'kulidula mzere. Ngati imelo sinanenepo kanthu pa zimenezi, funsani mayeso asanafike.

Pa zololedwa, chinthu chovutitsa kwambiri ndi kakyuleta. Imelo ikati kakyuleta ikhale yosasunga mapulogalamu, ikunena za mtundu wa Casio fx-82MS, yomwe imangowerengera. Casio fx-9860G imajambula magirafu ndipo imatha kusunga zolemba, ndiye pa lamulo lotere woyang'anira mayeso akulandani, muzichita masamu ndi mutu. Onaninso chivundikiro chake, makamaka ngati mwabwereka. Ena amalembamo mafomula ndi pensulo powerenga, ndipo tsiku la mayeso zolembazo zimasanduka likasa, kaya munalemba ndinu kaya mwini wake.

Pamenepa ndi pomwe ambiri samvetsa. Malamulo a mayeso m'masukulu ochuluka amati mlandu ndi kupezeka ndi chinthu choletsedwa, osati kuchigwiritsa ntchito kokha. Foni yozimitsa ili m'thumba la buluku ndi mlandu. Wotchi yolumikizana ndi foni chimodzimodzi. Woyang'anira sakangana nanu m'chipindamo. Amatenga chinthucho, kulemba lipoti, ndipo nkhani imapita ku komiti yoona za mwambo, komwe chilango chimatha kukhala kulephera phunzirolo, kuimitsidwa, ngakhale kuchotsedwa sukulu. Kunena kuti munaiwala sikuthandiza kwenikweni, poti wobera weniweni amanenanso zomwezo.

Zina n'zachidule. Tengani chiphaso chanu cha sukulu. Pepala likafuna nambala yanu ya kaundula, lembani nambalayo, dzina ayi, chifukwa cholinga n'chakuti wochonga asadziwe mwini pepala. Masukulu ambiri salola munthu kulowa pakadutsa mphindi 30 chiyambire mayeso, ndipo salolanso kutuluka nthawi imeneyi isanakwane, kuopa kuti wotuluka angauze wochedwa mafunso. Amene mumadalira minibasi, nyamukani m'mamawa.

Aphunzitsi nawo ali ndi mbali yawo. Imelo yongoti "bweretsani zofunikira" ndi ulesi, ndipo imasiya woyang'anira akuweruza yekha pakhomo, ophunzira mitima ili m'mwamba. Imelo yabwino imatchula mtundu wa kakyuleta, imanena ngati pepala la mafomula liperekedwa m'chipindamo, ndipo imafika nthawi ikadalipo yoti wophunzira wosaona bwino apemphe pepala la zilembo zikuluzikulu kapena nthawi yowonjezera.

Inu ophunzira, pomwe simunamvetse yankhani imeloyo ndi funso lanu, ndipo yankho la aphunzitsi mulisunge. Pakabuka mkangano pakhomo la chipinda cha mayeso, cholembedwa ndicho chimamveka.