Chimene Sichilembedwa pa Lisiti

Mwezi wa Meyi ukafika, masikelo a mavenda amayamba kulendewera m'mitengo ya ku Mitundu, ku Jenda ndi m'misika ina yambiri. Chimanga chimakhala mbwee, choncho mtengo wake umatsika. Nthawi yomweyi m'pamene pakhomo pamafunika zinthu zosiyanasiyana: malata, fizi ya ana, foni yatsopano. Mlimi akagulitsa matumba asanu n'kugula foni, mukamufunsa mtengo wa foniyo amatchula ndalama zimene anapereka kusitolo. Akatswiri a zachuma sangavomereze yankho limenelo. Kwa iwo, mtengo weniweni wa chinthu ndi phindu la chinthu china chabwino koposa chimene munthu wasiya kuti apeze chimene wasankhacho.

Tiyerekeze kuti thumba la makilogalamu 50 likugulidwa pa K30,000 nthawi yokolola. Matumba asanu abweretsa K150,000, foni yagulidwa. Pofika Febuluwale nkhokwe yagona, ndipo banja lomwelo likukagula chimanga chandiyani pa K55,000 thumba limodzi. Kubwezeretsa matumba asanu aja kukufuna K275,000. Tichotsepo K15,000 imene ikanapita ku mankhwala ophera anankafumbwe kapena ku matumba osalowa mpweya aja a PICS. Foni ya K150,000 yadya K260,000, ngakhale kuti palibe lisiti limene likusonyeza nambala imeneyo.

Koma tisafulumire kumuseka mlimiyo. Kusunga chimanga nakonso kuli ndi chimene chimatayika. Ngati ali ndi ngongole ya katapila imene ikubereka mwezi ndi mwezi, kugulitsa msanga n'kubweza ngongoleyo kungapulumutse ndalama zambiri kuposa zimene angapeze podikira Febuluwale. Ndiponso si chaka chilichonse pamene mtengo umakwera chonchi. Zokolola zikachuluka m'dziko, wosunga amatha kugulitsa pamtengo wosasiyana kwenikweni ndi wa mu Meyi, atawononga kale ndalama za mankhwala. Funso lothandiza ndi lakuti, ndalama imeneyi kapena thumba limeneli likanagwira ntchito yanji kwina?

Mfalansa wina wolemba za chuma, Frédéric Bastiat, anafotokoza zimenezi mu 1850 ndi nkhani ya mwana amene anaswa galasi la pawindo la sitolo ya bambo ake. Anthu oonerera anadzitonthoza kuti wokonza mawindo wapezapo ntchito. Bastiat anawakumbutsa kuti ndalama yokonzera windoyo ikanagula nsapato, ndipo wosoka nsapato amene waluza kasitomala palibe amene akumuona.

Pa bizinesi m'pamene nkhaniyi imaluma kwambiri, chifukwa ambiri amawerengera phindu mosiya zinthu zimene sanazilipire ndi ndalama. Titenge mayi amene ali ndi okala kumaso kwa nyumba yake ku Ndirande. Mpamba wake ndi K800,000. Pamwezi amagulitsa katundu wa K1,200,000 amene anaoda pa K1,020,000, ndipo thiransipoti ndi magetsi zimatenga K50,000. M'kabuku mwake mumatsala K130,000, ndipo mayiyu amauza anzake kuti geni ikuyenda.

M'kabukumo mulibe lendi, popeza chipindacho ndi chake. Komatu wometa tsitsi wina wakhala akuchifuna pa K40,000 pamwezi, ndiye tsiku lililonse limene mayiyu watsegula okala, akukana ndalama imeneyo. Mulibenso malipiro ake, chonsecho amakhala pawindo kuyambira m'mawa mpaka usiku, pamene sitolo ina ku Limbe inamuitana kuti azikagulitsa pa K90,000. Mpamba nawo ukanatha kukhala ku banki m'khonde, kumene tinene kuti ukanabereka K240,000 pogawana kumapeto kwa chaka, kutanthauza K20,000 pamwezi. Zitatuzi zikaphatikizidwa zikukwana K150,000. Okala imene ikuoneka ngati ikupindula K130,000 ikumutsalitsa m'mbuyo ndi K20,000 mwezi uliwonse.

Apa m'pofunika kusamala, chifukwa masamu amenewa amasokonekera mosavuta. Zinthu zitatu zija zaphatikizidwa chifukwa zingachitike pamodzi: mayiyu atha kuchititsa lendi chipinda, kupita kuntchito ndi kuika ndalama ku gulu nthawi imodzi. Koma ngati amadziwanso kusoka, sangawerengere malipiro a ku Limbe ndi ndalama za utelala zonse ziwiri, pakuti thupi ndi limodzi. Asankhepo chimene chili ndi phindu lalikulu basi. Chachiwiri, mwayi wosiyidwawo ukhale weniweni. Ntchito ya ku Limbe ikakhala ya m'maloto chabe, popanda amene anamuitana, ndiye kuti zimene akusiya ndi K60,000 yokha, ndipo okala ikumuposetsa ndi K70,000. Bizinesi ndi yomweyo, mashelefu ndi omwewo, koma yankho latembenuka.

Palinso zina zovuta kuziika m'manambala. Ali pa okala, mayiyu amaona ana akamachokera kusukulu, ndipo salipira minibasi. Ku banki m'khonde nakonso membala wina amatha kuthawa ndi ngongole, phindu la onse n'kuchepa. Munthu akasankha kutaya K20,000 kuti akhale pafupi ndi ana ake, palibe cholakwa, bola akhale akudziwa kuti ndi ndalama zingati zimene akulipira.

Ngakhale atatsimikiza zopitiriza okala, kusankha sikunathe. Ali ndi K100,000 yokaodera katundu. Mafuta odzola amakopa chifukwa phindu lake ndi lalikulu, mwina K30,000 pa katundu yense, koma amatha miyezi itatu ali pashelefu, mabotolo akuchita fumbi. Shuga, sopo ndi mafuta ophikira oyeza m'timapepala phindu lake ndi lochepa, tinene K8,000, koma zimatha pa sabata imodzi n'kukaodanso. M'masabata 12, K100,000 yomweyo yazungulira maulendo 12 n'kubweretsa K96,000. Mafuta odzola aja, amene amaoneka onona, amulanda K66,000. Malire ake ndi akuti makasitomala a shuga ali ndi polekezera. Ngati shuga amene ali naye kale akukwanira onse ogula, kuonjezera wina sikubweretsa kanthu, ndipo pamenepo mafuta odzola ayamba kukhala ndi nzeru. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: katundu amene amatha tsiku lokaoda lisanafike, makasitomala n'kumabwerera chimanjamanja, ndi amene akusowa mpamba.

Ena amaganiza kuti kusunga ndalama osaigwiritsa ntchito ndiko kupewa kuluza. Zimene zinachitika mu Novembala 2023 zinaonetsa kuti si choncho. Banki yaikulu ya dziko lino itatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, mitengo ya katundu wochokera kunja inakwera m'masiku ochepa. Wamalonda amene anali atasunga K500,000 m'chikwama podikira kuti aganize bwino anapeza kuti ndalamayo ikuoda makatoni ochepa kuposa kale, pamene mnzake amene anali ataisandutsa katundu anangosintha mitengo pashelefu.

Kumudzi, kusankha kowawa koposa kumabwera mu Disembala ndi Januwale, nthawi yopalira ndi kubandira. Banja limene chakudya chatha limapita kukagwira ganyu m'munda mwa wina kuti lipeze ufa wa tsikulo, uku munda wawo ukumera tchire. Chimanga chikachedwa kupaliridwa m'masabata oyambirira, udzu umachilanda chakudya ndi chinyezi, ndipo zokolola zimatsika. Mtengo wa ganyu ija umadzalipiridwa mu Epulo ndi matumba amene sanakololedwe. Anthuwa amazidziwa bwino zimenezi kuposa aliyense. Chimene chimawakakamiza ndi njala ya lero. N'chifukwa chake matumba awiri osungidwa mu Meyi amakhala ndi phindu loposa mtengo wake wa pamsika: amalola banja kupalira munda wake pa nthawi yake.